Odwala awiri usiku umodzi: wa 228/124 anapita kunyumba, wa 204/132 anagonekedwa

Ndimagwira ntchito ya udokotala ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi pa chipatala china muno mu Harare. Makolo anga anachokera ku Ntcheu, choncho kukabwera wodwala amene Chishona chikumuvuta koma akuyankhula Chichewa, anamwino amandiitana ine. Usiku wina Lachisanu anandiitana kawiri pasanathe ola limodzi, ndipo odwala onse awiri anabwera ndi dandaulo lofanana: bipi yakwera kwambiri. Mayina ndawasiya dala.

Wodwala woyamba

Anali mayi wa zaka 61 wa ku Mufakose, ndipo anabwera ndi mwana wake wamkazi cha m'ma 9 koloko. Madzulo a tsikulo mwanayo anabwereka kamakina koyezera bipi kwa mnansi, ndipo kanaonetsa 228/124. Atayezanso nthawi yomweyo, manja akunjenjemera, kanaonetsa 231/126. Anabwereka galimoto n'kuthamangira kwa ife.

"Adokotala, abayeni jakisoni msanga, agwa sitiroko amayi anga," anatero mwanayo ndisanakhale n'komwe pansi.

Mayiwo anali atakhala tsonga pa benchi, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana anthu odutsa. Ndinawalonjera, ndipo anayankha bwinobwino, n'kundifunsa kwathu. Moni ameneyu ndi mbali ya kuyeza: munthu amene akukufunsa mudzi wa makolo ako, n'kukuuza kuti iye ndi wa kwa Kachindamoto, ubongo wake ukugwira ntchito. Kenako ndinafunsa mafunso amene ndimafunsa aliyense amene nambala yake yapitirira 180/120. Mutu ukupweteka mosiyana ndi masiku onse? Mwasanza? Maso akuona bwino? Pamtima pakupweteka, kapena kupweteka kopyoza mpaka kumsana? Mukubanika, makamaka mukagona chagada? Dzanja kapena mwendo wafooka, kapena lilime likulemera? Mkodzo ukutuluka monga mwa masiku onse? Zonsezi anakana. Chomwe chinkawavuta ndi bondo lakumanja, limene linakhala likupweteka kwa mwezi, ndipo ankamwa bulufeni katatu pa tsiku. Mankhwala a bipi, amulodipini ndi kapiritsi kokodzetsa kaja ka hayidirokolorothayazayidi, anatha masabata atatu apitawo. Ndalama inapita ku maliro.

Ndinayeza kukula kwa mkono wawo ndi tepi: masentimita 38. Lamba wa timakina tambiri tapakhomo ndi wa mkono wocheperapo, ndipo lamba wothina amanamiza, amakweza nambala. Ndinawalowetsa m'kachipinda kabata, ndinawauza kuti ayambe akataye madzi, kenako akhale pampando wotsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, osayankhula. Mwanayo ndinamupempha kuti adikire panja, chifukwa mantha ake ankawayambukira mayi ake. Patatha mphindi 30 ndinayeza ndi lamba wamkulu, manja onse awiri: 196/108 kumanja, 192/106 kumanzere. Sindinawapatse kalikonse, koma nambala yapamwamba inali itatsika ndi kupitirira 30. Izi sizachilendo. Mwa odwala otere, pafupifupi mmodzi mwa atatu bipi imatsika bwino ndi kupuma kokha kwa theka la ola.

Thupi lonse linalibe vuto. M'mapapo munalibe madzi, mitsempha ya m'khosi sinali yotupa, nkhope inali yowongoka, manja ndi miyendo zinali ndi mphamvu zofanana. Nditayang'ana mkati mwa maso ndi katochi kathu, ndinaona mitsempha yopyapyala ya munthu amene wakhala ndi bipi zaka zambiri, koma panalibe magazi otayika kapena kutupa. Kapepala koviika mu mkodzo sikanaonetse magazi kapena mapuloteni. Makina ojambula kagundidwe ka mtima anaonetsa mtima wokhuthala pang'ono, chinthu chakale, osati cha usiku umenewo.

Mabuku athu amati vuto lotere ndi ajensi, kusiyanitsa ndi imejensi. Mayina awiriwa amasokoneza ngakhale ophunzira udokotala, choncho ine ndimangoti bipi yokwera chabe ndi bipi yovulaza ziwalo. Mayiwa anali ndi bipi yokwera chabe. Nambala inali yoopsa kuiona, koma ubongo, mtima, impso ndi maso sizinali kuvulala pa ola limenelo. Ndisanamalize kuwafotokozera, namwino anagogoda.

Wodwala wachiwiri

Bambo wa zaka 44, mlonda wa usiku, wa ku Epworth. Anamugwirizira mkazi wake ndi mlamu wake. Nambala yake pa khomo inali 204/132, yapamwamba yocheperapo kusiyana ndi imene mayi aja anabwera nayo, ndipo pa chifukwa chimenechi akanatha kuikidwa kumbuyo pa mzere. Chinamudabwitsa namwino n'chakuti atamufunsa m'Chishona, bamboyo ankangoyankha m'Chichewa, mawu ake osagwirizana ndi funso. Mkazi wake anati Chishona amachidziwa bwino, wakulira konkuno.

Ndinamufunsa kuti tili kuti. Anati tili pa geti la kuntchito. Ndinamufunsa tsiku, anayamba kufunsa ngati mayi ake aphika, mayi amene anamwalira kalekale.

"Zayamba liti izi, mayi?"

"Mutu ndi wa masiku atatu, adokotala. Dzulo anasanza kawiri, lero katatu. Kuyambira masana akuti akuona ngati utsi. Kusokonekeraku kwayamba dzuwa litalowa."

Anamupeza ndi bipi zaka ziwiri zapitazo. Anamwa mankhwala kwa nthawi, n'kusiya miyezi inayi yapitayo chifukwa ankadzimva bwino. Mutu utayamba, anagula dikilofenaki, mbale wake wa bulufeni, amene amakweza bipi ndiponso amapweteka impso.

Munthu wosokonezeka mutu sitimuweruza ndi bipi yokha, chifukwa nthawi zina bipi imakwera chifukwa cha matenda ena osati kuti ndiyo yayambitsa. Tinayeza shuga pachala: 6.4. Kutentha kwa thupi 36.8. Zonse ziwiri zinali bwino. Khosi linali lofewa. Malungo sanapezeke. Fungo la mowa panalibe, bala la m'mutu panalibe. Kenako ndinatha nthawi pa funso limodzi limene likanasintha zonse: kodi iyi ndi sitiroko? Ndinamuuza kuti aonetse mano, kamwa inali yowongoka. Ndinakweza manja ake onse n'kuwasiya, palibe limene linagwa msanga kuposa linzake. Miyendo chimodzimodzi. Mawu ankatuluka omveka, kungoti nkhani yake inali yosokonekera. Ndipo zonse zinabwera pang'onopang'ono kwa masiku atatu, pamene sitiroko kawirikawiri imagwa mwadzidzidzi n'kugwira mbali imodzi.

Yankho linali m'maso. Mbali zonse ziwiri munali timadontho ta magazi tooneka ngati malawi a moto, timawanga toyera ngati thonje, ndipo pamene mtsempha wa diso umalowera panali potupa, m'mphepete mwake simunkaoneka. Ndimadandaula kuti katochi kameneka ambiri a ife tinakaiwala m'kabati. Diso ndi malo okhawo amene dokotala amaona mitsempha ing'onoing'ono ya magazi ndi maso ake, ndipo zimene zikuchitika mmenemo zikuchitikanso mu ubongo ndi mu impso. Mkodzo unatsimikiza: mapuloteni ambiri, magazi pang'ono. Zotsatira za magazi zitabwera, kiriyatinini, amene amakwera m'magazi impso zikamalephera, anali 248, pamene kwa bambo wamkulu timayembekezera kuti asapitirire cha m'ma 110. Potaziyamu anali 3.3, wotsika pang'ono.

Iyi inali bipi yovulaza ziwalo: ubongo ukutupa, maso akutaya magazi, impso zikulephera.

Chifukwa chake sititsitsa msanga

Apa ndi pamene pamagona luso lonse, ndipo ndi pamene anthu amalakwitsa chifukwa chofuna kuthandiza. Ubongo uli ndi njira yake yodzitetezera. Bipi ikakwera, timitsempha take timafinyika kuti magazi asalowe mopitirira, ikatsika, timatseguka. Mwa munthu amene wakhala ndi bipi yokwera kwa zaka, timitsempha timeneti timakhuthala n'kuzolowera mphamvu yaikulu. Bipi ikakwera mofulumira kupitirira malire amene tingapirire, timagonja, madzi amatulukira mu ubongo, ndipo munthu amasokonezeka ngati mlonda uja. Koma kuzolowera komweko kuli ndi mbali yake ina. Nambala ya 120/80, imene ndi yabwino kwa ine, kwa iye usiku umenewo ikanakhala njala ya magazi. Timitsempha tokhuthala sititseguka mokwanira, ndipo ubongo, mtima ndi impso zimasowa magazi. Umatha kuyambitsa ndi dzanja lako sitiroko imene umafuna kupewa.

Ndinaziona ndili wophunzira, pa chipatala china chaching'ono. Agogo ena aamuna anabwera ndi bipi ya 210/115, akuyenda okha, akuseka. Anawabowolera kapisozi ka nifedipini n'kuwadonthezera pansi pa lilime, monga zinkachitikira kale. Pasanathe ola bipi inali 118/70, aliyense anasangalala, koma agogowo atafuna kuimirira, mwendo wakumanzere sunamvere. Nifedipini wogwira msanga ameneyu ukamupereka sungamubweze, ndipo sudziwa kuti atsitsa mpaka pati.

Lamulo limene timatsata ndi ili: mu ola loyamba, osatsitsa kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Kenako, m'maola awiri mpaka 6 otsatira, kufika cha m'ma 160/100. Kufika pa nambala yabwino kudikire tsiku limodzi kapena awiri. Gawo limodzi mwa anayi limenelo timaliwerengera pa bipi yapakati, imene timaipeza motere, pomwe MAP ndi bipi yapakati, SBP ndi nambala yapamwamba, DBP ndi yapansi:

```
MAP = (SBP + 2 x DBP) / 3
(204 + 2 x 132) / 3 = 156
```

Gawo limodzi mwa anayi la 156 ndi 39, choncho malire athu anali 117. Ndinalemba nambala imeneyi ndi zilembo zazikulu pamwamba pa pepala la wodwala, n'kuuza namwino kuti umenewu ndi mzere wosaoloka, osati pofikira. Ndinkafuna tiime cha m'ma 125 mpaka 130.

Mankhwala ake ayenera kukhala a mumtsempha, operekedwa pang'onopang'ono, kuti uthe kuima pamene wafuna. Tinali ndi labetalolo. Ndisanamupereke ndinafunsa ngati bamboyo ali ndi mphumu, ndinamvetsera m'mapapo ngati muli madzi, ndinawerenga kugunda kwa mtima, chifukwa labetalolo sayenera kwa wa mphumu, kwa amene mtima walephera mpaka madzi kudzaza m'mapapo, kapena kwa amene mtima ukugunda mochedwa. Mphumu analibe, m'mapapo munali mouma, mtima unkagunda ka 98 pa mphindi.

Tinayamba 9:50 ndi mamiligalamu 20, kubaya pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri, bamboyo atagona mutu utakwezedwa pang'ono, makina akuyeza mphindi zisanu zilizonse. Pofika 10:00 inali 198/126, tinapereka 40. Pofika 10:10 inali 186/118, tinaperekanso 40. Pofika 10:25 inali 172/108, kutanthauza bipi yapakati ya 129. Ndinaima pomwepo. Mlamu uja, amene ankasuzumira pa makina, anati: "Adokotala, koma ikadali pamwamba, onjezerani." Ndinamuuza kuti ayang'ane m'bale wake, osati makina. Bamboyo anali atasiya kugubuduka, ndipo kusanza kunali kutaleka.

Chinthu china chimene ndinakana ndi jakisoni wokodzetsa wa fulusemayidi, amene dzanja limathamangira likaona nambala yaikulu. Bipi ikakwera chonchi impso zimataya mchere ndi madzi ambiri, ndipo bamboyu anali atasanza kwa masiku awiri. Lilime lake linali louma. Kumukodzetsa kukanawonjezera kuuma, impso zikanavutika kwambiri, ndipo thupi likanayankha ndi kufinya mitsempha mowonjezera. M'malo mwake tinamuika diripi ya madzi amchere, yoyenda pang'onopang'ono, tikumvetsera m'mapapo. Fulusemayidi malo ake ndi pamene madzi adzaza m'mapapo, munthu akubanika.

Sikani ya mutu inatheka pakati pa usiku, achibale atasonkha ndalama. Sinaonetse magazi otayika kapena mbali ya ubongo yakufa. Ndivomereze kuti ndinayamba kutsitsa bipi sikani isanachitike, ndipo wina akhoza kundifunsa. Ndinatero chifukwa cha zimene ndinaona m'maso, chifukwa panalibe mbali yofooka, ndiponso chifukwa kudikira maola awiri ubongo ukutupa kukanatha kubweretsa kukomoka ndi kuphupha. Dzanja limodzi likanakhala lofooka, ndikanagwira mtima. Pa sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha, mbali ya ubongo yozungulira malo ovulalawo imadalira bipi yokwerayo kuti ipeze magazi, ndipo m'masiku oyamba sitiitsitsa pokhapokha itapitirira 220/120, kapena ngati wodwala akupatsidwa mankhwala osungunula magazi oundana.

Lamulo la kutsika pang'onopang'ono lili ndi malo enanso pamene silikwanira. Munthu akabwera ndi ululu wong'amba pachifuwa wopita kumsana, bipi ya manja awiri ikusiyana kwambiri, timaopa kuti mtsempha waukulu wochokera mumtima ukung'ambika, ndipo pamenepo timatsitsa msanga, yapamwamba ifike pansi pa 120. Mayi woyembekezera nayenso ndi nkhani ina: kwa iye 160/110 yakwana kale kukhala ngozi, timatsitsa nthawi yomweyo, ndipo timapereka magineziyamu salifeti kuti asakomoke.

Kubwerera kwa mayi a ku Mufakose

Ndinawapeza cha m'ma 11 koloko, mwana wawo atakwiya ndithu. Anali ataona zonse zimene tinachitira mlonda uja, ndipo anamva nambala yake.

"Bambo aja yawo inali yochepa kuposa ya amayi, koma mwawathamangira. Ife mwangotikhazika."

Funso lake linali lanzeru, ndipo ndinakhala pansi kuti ndiliyankhe. Ndinamuuza kuti bambo aja sakudziwa kumene ali, pamene mayi ake andiuza mbiri yonse ya mudzi wawo. Ndinati bipi ya amayi yakwera pang'onopang'ono kwa masabata atatu, thupi likuipirira, ndipo iyenera kutsika momwemo, kwa masiku. Jakisoni akanakongoletsa nambala usiku umenewo, koma akanatha kuwagwetsa m'bafa m'mawa mwake, kapena kuchita choposa pamenepo. Bipi ya 196/108 ndi yoopsa ikasiyidwa miyezi ndi zaka. Kuigwetsa mu ola limodzi mwa munthu amene ziwalo zake zili bwino sikumuteteza ku chilichonse.

Ndinawayambitsanso mankhwala awo akale, amulodipini mamiligalamu 10 ndi kapiritsi kokodzetsa mamiligalamu 25, pa mlingo womwe ankamwa, osawirikiza. Amulodipini anamwa pomwepo, kokodzetsako ndinati ayambe m'mawa kuti agone. Bulufeni ndinaletsa, bondo ndinalembera panado. Tinatenga magazi oyeza impso. Ndinawauza kuti abwerenso Lolemba, ndipo apa ndinalimbikira, chifukwa kutumiza munthu wotere kunyumba popanda tsiku lobwerera ndi kumutaya.

Mwanayo ndinamuphunzitsa za kamakina kaja. Akaona nambala yopitirira 180/120, ayambe wayang'ana mayi ake ndi kuwafunsa mafunso amene ndinafunsa ine. Ngati pali ngakhale chimodzi, kusokonezeka, kufooka kwa mbali imodzi, kamwa kupotoka, kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, mutu woopsa ndi kusanza, asayezenso, asadikire kombi ya m'mawa, abwere nthawi yomweyo. Ngati palibe, awakhazike pansi mwabata kwa mphindi zosachepera zisanu, ayezenso ndi lamba wokwana mkono, aone ngati amwa mankhwala a tsikulo, ndipo ikakhalabe pamwamba apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Asawapatse mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, asabwereke a mnansi, ndipo asayeze kakhumi motsatizana, chifukwa nambala iliyonse yoopsa imakweza yotsatira.

Zotsatira

Mayiwo anabwera Lolemba ndi 170/98, impso zili bwino. Patatha masabata awiri inali 146/88.

Mlonda uja anagona m'chipinda cha odwala ofunika kuwayang'anira pafupi. Pofika 4 koloko m'mawa bipi inali 162/102. Nditapita kukamuona ndisanaweruke, anandilonjera, n'kufunsa chimene akuchita m'chipatala ndiponso amene watsala pa geti. Kutsitsimuka kotereku bipi ikatsika ndi kumene kumatsimikiza kuti vuto linali kutupa kwa ubongo chifukwa cha bipi. Tsiku lomwelo tinayamba amulodipini wakumwa, mamiligalamu 5, kenako 10, n'kusiya za mumtsempha. Mankhwala a mtundu wa enalapulilo tinayamba tawaimika mpaka impso zitakhazikika. Popeza ndi wamng'ono msinkhu pa bipi yoopsa chonchi, tinajambula impso ndi kuyezanso potaziyamu kuti tione ngati pali china chimene chikuyambitsa. Impso zinali za kukula kwabwino, potaziyamu anabwerera m'malo.

Anatuluka tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi 150/94. Maso anayamba kuona bwino, ngakhale utsi uja unatenga masabata angapo kuti uthe. Kiriyatinini anatsika kufika 186, ndipo patatha miyezi itatu anali 171. Sanabwerere pa mlingo wabwino, choncho tsopano amaonedwanso ndi madokotala a impso, ndipo mkazi wake ndi amene amasunga kabuku kolembamo nambala za m'mawa uliwonse akaweruka ku ulonda.